Ziro wa malungo

Tsiku lotsekera temu yachiwiri tinali kwathu ku Zingalume. Tinachoka pa boma la Chadiza m'mawa ndi njinga, titatenga kachojambulira mawu ka ku wailesi, chifukwa tinafuna kumva makolo pa nkhani ya mitengo ya soya. Koma nkhani imene tinakumana nayo panyumba inali ya kapepala kamodzi, lipoti fomu ya mwana wa alongo athu, mtsikana wa Giredi 5. Pa mzere wa masamu panalembedwa 48.

Alamu athu anali atakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango, kapepalako kali m'manja. Sanakalipe. Anangoti, "Alamu, inu mwaphunzira, tiuzeni. 48 ndi kukhoza kapena kulephera? Chifukwa ngati mutu wake sugwira, kuli bwino temu yamawa azithandiza amake kudimba. Nsapato ndi makope tigulire mlongo wake." Mwanayo anali kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse.

Tinapempha kope lake la masamu. Temu imeneyo aphunzitsi anapereka matesiti asanu, iliyonse ya mafunso 10, ndipo onse anali a kuchotsera kobwereka, poti kalasi yonse inali m'mbuyo pa mutu umenewu. Mwanayo anapeza 2, kenako 0, kenako 5, kenako 8, ndipo pomaliza 9. Mukaphatikiza zonse zikwana 24. Mukagawa ndi 5 mupeza 4.8, ndiye 48 uja wa pa lipoti fomu. Aphunzitsi sanalakwitse samu yawo. Anachita zimene ifenso anatichitira tili ana, zimene tonse timazitcha avareji.

Koma titayang'anitsitsa m'kopemo tinaona zina. Pa tesiti yoyamba, 52 kuchotsa 37 analemba 25. Yankho loona ndi 15. Cholakwa chake chinali chimodzi m'mafunso onse: akaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, anali kutembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, chifukwa m'maganizo mwake nambala yaing'ono ndiyo ichotsedwa pa yaikulu nthawi zonse. Pa tesiti yachitatu anali atadziwa kubwereka, koma anali kugwa pamene pali ziro pakati, monga 403 kuchotsa 158. Pa tesiti yachinayi ndi yachisanu vuto la ziro linali litatha, ndipo analemba 245 bwinobwino. Limodzi limene anaphonya pomaliza kunali kukopera molakwika nambala ya pa bolodi.

Nanga 0 uja? Pa tsambalo panalibe funso ngakhale limodzi. Sabata imeneyo mwanayo anagona ndi malungo. Ziro ameneyo sanali kunena kuti sadziwa kanthu, anali kunena kuti kunalibe. Koma m'kati mwa avareji, ziro wa malungo ndi ziro wa kusadziwa alemera chimodzimodzi.

Tinayesa samu ina pansi ndi kamtengo, alamu akuona. Tinafunsa kuti, mwana ameneyu kuti avareji yake ifike pa 80, afunika kuchita chiyani? Yankho linatidabwitsa ifenso. Afunika kukhoza 10 pa 10 matesiti ena asanu ndi atatu motsatizana, osaphonya ngakhale funso limodzi. Temu imatha asanafike n'komwe. Ndiye kuti mwana amene wayamba moipa mu Meyi wanyamula ngongole imene sangathe kubweza pofika Ogasiti, ngakhale ataphunzira zonse.

Ife ku koleji sitinaphunzire za uphunzitsi, ndiye Lolemba tinapita kwa amayi ena opuma pa ntchito, amene anaphunzitsa ku pulaimale zaka zambiri ndipo nthawi zina amabwera pa pulogalamu yathu ya maphunziro. Ataona kopelo anaseka pang'ono, nati, "Mwana wanga, kodi iwe unayamba kuyendetsa njinga osagwa? Nanga lero tikati tiphatikize kugwa kwako konse ndi ulendo wako wa lero, tidzakupatsa zingati?" Kenako anatifotokozera njira ina yolembera mamakisi, imene masukulu ambiri ku America ndi ku Canada amatsata.

Njirayi iyamba ndi kusiya kupereka nambala imodzi ya phunziro lonse. Mmalo moti kaundula akhale ndi mzere umodzi wa masamu, amakhala ndi mizere ya luso lililonse payekhapayekha: kuphatikiza, kuchotsera kobwereka, kuchulukitsa, kugawa. Pa luso lililonse mwana amaikidwa pa sitepe, kawirikawiri kuyambira 1 kufika 4. Sitepe 1 ndi mwana amene akali kuyamba. Sitepe 2 ndi amene akhoza zosavuta kapena akhoza pothandizidwa. Sitepe 3 ndi amene achita yekha zimene silabasi ifuna. Sitepe 4 ndi amene atha kugwiritsa ntchito lusolo pa funso lachilendo n'kufotokoza chifukwa chake. Ndipo mtima wa njirayi ndi uwu: mwana akaonetsa umboni watsopano pa luso lomwelo, watsopanoyo ulowa m'malo mwa wakale. Wakale sufufutidwa m'kope, ukhala ngati mbiri yoonetsa kumene mwana wachokera, koma sulowa m'samu ya makisi omaliza.

Titabwerera tinawerenga pang'ono. Mphunzitsi wa ku Canada, Ken O'Connor, m'buku lake la 2007 lonena za njira 15 zokonzera kalembedwe ka mamakisi, analangiza zinthu ziwiri zimene zinali m'kope la mwana wathu: kuti ziro asaikidwe pamene umboni palibe, ndi kuti pa luso limene limakula pang'onopang'ono, zaposachedwa ndizo zilemere. Maganizo ake ndi oti makisi ndi uthenga wopita kwa kholo, kwa mwana ndi kwa mphunzitsi wa chaka chamawa. Uthengawo uyenera kuyankha funso limodzi: kodi mwanayu atha chiyani lero?

Musaganize kuti zimenezi ndi za kunja kokha. Kuno kum'mawa tili nazo kale, kungoti sitinazipatse dzina. Mu 2016 unduna wa maphunziro unayamba kuyesa pulogalamu ya Catch Up m'masukulu 80 a m'maboma a Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, potengera njira imene bungwe la Pratham linayambitsa ku India. Pambuyo pake inafalikira m'chigawo chonse cha kum'mawa ndi cha kumwera. Ndi ya ana a Giredi 3 mpaka 5. Aphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi n'kumupatsa pepala kuti awerenge, ndipo amamuika pa imodzi mwa masitepe asanu: woyamba kumene, wodziwa zilembo, wowerenga mawu, wowerenga ndime yaifupi, ndi wowerenga nthano. Ana amaphunzira m'magulu molingana ndi sitepe yawo, osati giredi yawo. Pakapita nthawi amayesedwanso.

Taonani chimene chimachitika poyesanso. Mwana amene mu Januware anali pa zilembo ndipo lero awerenga nthano, amalembedwa kuti ndi wa nthano. Palibe mphunzitsi amene amaphatikiza zilembo ndi nthano, n'kugawa pawiri, n'kumuika pa mawu. Aliyense angaone kuti kutero n'kupanda nzeru, chifukwa mwanayo ali pamaso panu akuwerenga. Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi yemweyo, m'kalasi yomweyo, akatenga kaundula wa masamu wa kumapeto kwa temu amabwerera ku avareji.

Inunso a m'tauni muidziwa njira imeneyi. Amene analephera mayeso oyendetsa galimoto koyamba n'kukhoza kachiwiri, laisensi yake siikhala ya theka. Amene analembanso masamu pa GCE n'kupeza kirediti, akapita ku koleji amaonetsa kirediti imeneyo, ndipo palibe amene amaiphatikiza ndi 9 wa ku Giredi 12. Ife akuluakulu tinadzipatsa ufulu woyambiranso. Ana a zaka 11 ndiwo tiwasungira mangawa.

Tsopano funso ndi lakuti, "zaposachedwa" zikutanthauza chiyani kwenikweni? Pali njira zingapo, ndipo tinaziyesa zonse pa mamakisi a mwana wathu. Yoyamba ndi kutenga tesiti yomaliza yokha, ndipo apeza 9. Yachiwiri ndi kuyang'ana ziwiri kapena zitatu zomaliza: ziwiri zipereka 8.5, zitatu zipereka 7.3. Yachitatu ndi avareji yomwe zakale zimapepuka pang'onopang'ono. Tesiti yatsopano imatenga magawo 65 pa 100, ndipo zonse zam'mbuyo zimatsala ndi 35. Tikachotsa ziro wa malungo, tiyamba ndi 2. Ikabwera 5, titenga 65 peresenti ya 5 ndi 35 peresenti ya 2, tipeza pafupifupi 4. Tikachita chimodzimodzi ndi 8, kenako ndi 9, tifika pa 8 ndi kakang'ono. Njira zitatuzi zisiyana pang'ono, koma zonse zinena chinthu chimodzi: mwanayu ali pakati pa 7 ndi 9, osati pa 4.8. Pa masitepe aja, ali pa 3.

Amayi opuma aja anatichenjeza kuti tisathamange kukondwera. Anatiuza za mtundu wina wa mwana amene anakumana nawo kambiri: mnyamata wopeza 8, 6, 5, 3, 2. Phatikizani, mupeza 24 yemweyo, avareji 48 yemweyo. Pa lipoti fomu ana awiriwa ndi mapasa. Koma wina akukwera, wina akutsetsereka. Mnyamatayu mwina analoweza njira osaimvetsa, ndipo mafunso atayamba kulimba anasokonekera. Mwina anayamba kujomba chifukwa cha ng'ombe kapena ganyu. Ndi njira ya 65 ndi 35 ija, iye apeza pafupifupi 2.7. Ndiye tisaitenge ngati njira yachifundo yongokwezera ana mamakisi. Kwa mnyamatayu ndi yowawa kuposa avareji. Koma ndiyo imene ingadzutse atate ake nthawi ikalipo, pamene 48 angowagoneka tulo.

Pali malo atatu pamene njirayi imathyoka, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanapite kukakangana ndi aphunzitsi a mng'ono wanu.

Oyamba ndi aakulu koposa. Umboni watsopano ulowa m'malo mwa wakale pokhapokha ngati ukuyesa luso lomwelo. Kope la mwana wathu linali losavuta chifukwa matesiti onse asanu anali a kuchotsera. Koma m'makalasi ambiri tesiti ya sabata yachinayi ndi ya kuchotsera, ya sabata yakhumi ndi ya mashepu. Mwana akapeza 3 pa kuchotsera ndi 9 pa mashepu, 9 ameneyo sachiritsa 3. Kuchotsera sadziwabe. Mphunzitsi amene angotenga tesiti yomaliza ya temu n'kutaya zina zonse, osagawa kaundula wake m'mizere ya maluso, wachita choipa kuposa avareji. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: tsegulani kope, muone ngati mafunso a tesiti yatsopano ndi a mtundu womwewo ndi ovuta mofanana ndi akale.

Achiwiri ndi kukhulupirira tesiti imodzi. Mafunso 10 ndi ochepa. Pa desiki yokhala ana atatu kapena anayi, maso amayenda. Ndipo ngati aphunzitsi abwereza pepala lomwelo ndi manambala omwewo, mwana angaloweze kuti yankho la nambala 4 ndi 245 osadziwa kumene lachokera. N'chifukwa chake amayi aja anati iwo sanali kukweza mwana sitepe mpaka aonetse kawiri, masiku osiyana, ndi manambala atsopano, ndipo kamodzi afotokoze ndi pakamwa pake kuti wabwereka kuti ndipo chifukwa chiyani. Lamulo lomwelo ligwira potsika. Mwana wa 8, 9, 9 akabwera tsiku lina wanjala kapena wochokera kumaliro n'kupeza 3, simumugwetsa pomwepo. Mumamuyesanso sabata yamawa. Akabwerera pa 9, atatu aja anali a tsiku loipa. Akapezanso 3, pali chimene chachitika.

Achitatu ndi ulesi. Ana si opusa. Akadziwa kuti tesiti yoyamba siwerengedwa, ena adzalemba dzina lokha n'kudikira yomaliza. Masukulu amene amatsata njirayi amatchinga zimenezi poika mtengo pa mwayi wachiwiri: usanalembenso, uyambe wakonza zolakwa zako zonse ndi kuonetsa ntchito yoyeserera. Ndipo khalidwe, monga kujomba, kuchedwa ndi kusalemba homuweki, limalembedwa pa mzere wakewake kuti kholo lione. Silisakanizidwa ndi makisi a luso, komanso silibisidwa.

Sitinena kuti aphunzitsi a mwana wathu ndi aulesi kapena ouma mtima. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, ana anadzaza m'makalasi. Tiyerekeze kalasi ya ana 70 ndi maluso asanu ndi limodzi a masamu pa temu. Amenewo ndi mabokosi 420 oti adzazidwe, pa phunziro limodzi lokha, ndi bolopeni, mwina usiku ndi tochi ya foni. Avareji ndi yofulumira, ndipo kholo likadandaula mphunzitsi angoloza samu. Njira inayi ifuna kuti mphunzitsi aweruze yekha ndi kuima pa chiweruzo chake. Komanso ife makolo ndife timafunsa kuti, "Wakhala nambala chani?" Kuti ana afole kuyambira nambala 1 mpaka 70 pafunika nambala imodzi ya aliyense. Tikafuna lipoti yonena zoona, tiyenera kusintha funso lathu.

Pali malire enanso. Mamakisi a kusukulu amene amatumizidwa ku bungwe la mayeso la ECZ kuti akaphatikizidwe ndi mayeso omaliza ali ndi malamulo ake, ndipo mphunzitsi sangawasinthe yekha. Zimene tikamba pano ndi za matesiti a m'kalasi ndi lipoti ya temu, zimene zili m'manja mwa sukulu. Silabasi yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 ndi ana a nasale, Giredi 1 ndi Fomu 1, yakhazikika pa zimene mwana atha kuchita. Ife tiona kuti ngati tiphunzitsa ndi maso pa luso koma tilemba mamakisi ndi avareji yakale, kapepala kofika kunyumba kadzanenabe nkhani yakale.

Amayi aja anatisonyeza njira yopepuka imene mphunzitsi wa kumudzi angathe popanda kompyuta. Patsamba limodzi alembe maina a ana kutsika pansi, ndi maluso anayi kapena asanu okha pamwamba. M'bokosi lililonse alembe sitepe ndi pensulo. Mwana akaonetsa kawiri kuti wakwera, afufute n'kulemba yatsopano pamodzi ndi tsiku. Amene sanabwere asiyiridwe mpata wopanda kanthu mpaka atalemba. Ana amene ali kale pa 3 safunika kuyesedwa sabata iliyonse. Mafunso awiri a mutu wakale oponyedwa m'tesiti ya mutu watsopano akwanira kuona ngati akumbukirabe. Nthawi yambiri ipite kwa a pa 1 ndi 2.

Loweruka lotsatira tinabwerera ku Zingalume. Sitinapite ndi mabuku. Tinangouza alamu kuti asakhulupirire ife, ndipo asakhulupirire kapepala, amuyese okha mwanayo ndi nambala zimene sanazionepo. Anaganiza pang'ono, kenako anamuitana.

"Iwe, bwera kuno. Soya tinagulitsa K1,200. Ngongole ya feteleza ndi K785. Zatsala zingati?"

Mwanayo anagwada, natola kamtengo. Tinaona dzanja likunjenjemera. Pa funsoli pali maziro awiri motsatizana, pamalo pomwe anali kugwera mu Juni. Anabwereka kwa 2, nadutsa nayo pa ziro woyamba, nafika pa wachiwiri, akulankhula yekha chapansipansi.

"K415, atate."

Alamu anatulutsa foni yawo yamabatani, nadinadina. Anakhala chete. Kenako anamupatsa ina, ya matumba a chimanga, nakhozanso. Alongo athu, amene nthawi yonseyi anali kusenda nshawa ngati sakumva, anangoti, "Nanga si tinanena."

Lipoti fomu ija ikali m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi makadi a ku kiliniki, ndipo 48 akali pomwepo. Palibe amene adzamusinthe. Mu Seputembala mwanayo anabwerera kusukulu ndi nsapato zakale, chifukwa zatsopano anagulira mlongo wake monga ananenera. Ife tinamugulira makope. Tsiku lotsegulira alamu anapita okha kukaonana ndi aphunzitsi, ndipo anatiuza kuti sanafunse za nambala. Anafunsa kuti temu ino ana aphunzira kugawa, nanga adzadziwa bwanji ngati mwana wawo wagwira kapena ayi. Aphunzitsi anawauza kuti azibwera kudzaona kope mwezi uliwonse.

Chimene chitisowetsa mtendere ndi mnyamata uja wa 8, 6, 5, 3, 2. Sitimudziwa dzina, koma tikhulupirira kuti m'kalasi iliyonse alimo. Kwawo anaona 48, nati si zoipa kwenikweni, ayesetsa. Ngati muli ndi mng'ono wanu kumudzi amene mumamutumizira ya makope, mukadzapita pa Khirisimasi musathere pa lipoti fomu. Pemphani kope, muyale matesiti a mutu umodzi motsatira masiku ake, muone kumene nambala zikulowera.